Hafu-hafu si cilungamo: masamu a mwamuna wa nyumba ziwiri

Mu basi ya ku Chawama Laciwiri lapita munali phokoso. Bambo wina wokhala pa mpando wa kumbuyo anali pa foni, ndipo tonse tinamva cifukwa mu minibasi mulibe cinsinsi. “Nakuuza kudala, nimagawa hafu-hafu. Vamene napasa iwe ndiye vamene napasa munzako. Manje ufuna cani futi?” Atadula foni, amai ena a pafupi ndi citseko anati, “Awo ndiye amuna, ena sagawa na kugawa.” Kondakita anaseka, basi inapitiriza ulendo.

Ine sindinaseke, cifukwa mau amenewo ndinawamvapo m'banja mwathu, ndipo ndinaona mwana amene anawalipira. Maganizo anga lero ndi awa: mwamuna wa akazi awiri amene agawa ndalama pakati n'kunena kuti watsiriza, sanayambe n'komwe. Cilungamo ca m'cipali ciyambira pa kuwerenga ana ndi zimene mwana aliyense afunika, kenako kuwerenga zimene mkazi aliyense aika m'banja, ndipo masamu onsewo ayenera kucitika poyera, akazi onse awiri akuona.

Musanene kuti nkhani iyi ndi ya kumudzi cabe. Kafukufuku wa boma wa za umoyo ndi ciwerengero ca anthu wa mu 2018 anapeza kuti pafupifupi mkazi mmodzi mwa akazi khumi okwatiwa mu Zambia ali ndi mkazi mnzake. Ambiri ali kumidzi, zoona, koma ena mwa amuna awo ndi amene atiyendetsa m'mawa uliwonse kucoka ku komboni kupita ku Kulima Tower, ena agulitsa ku Soweto, ena ndi alonda. Nyumba imodzi ili mu Lusaka, ina ili kumene anabadwira.

Kwathu ndi kwa Mwape, m'boma la Nyimba, kumunsi m'cigwa ca Luangwa. Kucoka mu Lusaka mpaka pa Nyimba ndi makilomita opitirira 300 pa Great East Road, ndipo ukatsika pamenepo ulendo ukalipo, wa msewu wa fumbi umene nthawi ya mvula umafuna pemphero. Amalume anga, mlongo wao wa amai, ndi dalaivala wa minibasi muno mu tauni. Aanti akulu ali kumudzi ndi ana anai. Aanti ang'ono ali mu komboni muno ndi ana awiri. Palibe cobisika: onse anakwatiwa mwa mwambo, ankhoswe alipo mbali zonse, ndipo akazi awiriwo adziwana. Anandilola kulemba za iwo bola ndisachule maina.

Mu 2023 amalume anali kutsala ndi ndalama pafupifupi K4,500 pa mwezi, atacotsa kashing'i ya mwini basi, mafuta ndi za kondakita. Pa ndalama imeneyi anali kulipira renti K900, kudzisungira K600 ya cakudya ca masana, tokotaimu ndi zina, ndipo K3,000 yotsala anali kuidula pakati: K1,500 ku komboni, K1,500 kumudzi pa foni. M'maso mwao anali munthu wacilungamo, ndipo pa renki anali kudzitama nazo.

Koma mkazi aliyense anali kukhulupirira kuti mnzake ndiye akudya bwino. Aanti akulu anali kuti renti ya K900 ipita ku nyumba ya mnzao, ndiye kuti mnzao alandira K2,400, osati K1,500. Aanti ang'ono anali kuti pa K1,500 yao adyapo ndi bambo masiku onse a mwezi, agula malasha, unga, malaiti ndi madzi, pamene kumudzi nkhuni n'zaulere ndipo cimanga cili m'nkhokwe. Onse awiri anali kunena zoona, ndipo ici ndiye covuta ca hafu-hafu: ipatsa aliyense cifukwa cabwino cokhalira wokwiya.

Cimene palibe anali kuwerenga ndi sukulu. Kuyambira mu Januwale 2022 boma linacotsa malipiro m'masukulu ake kufikira giredi 12, pamodzi ndi ndalama za PTA ndi za mayeso. Ici cinathandiza mabanja ambiri, koma cinapatsanso amuna ena mau atsopano othawira: “Sukulu ni ya mahala manje.” Amalume nawonso anali kutero. Koma ya boding'i sinacotsedwe, boma linaiika pa K1,000 pa temu. Yunifomu, nsapato, makope ndi thiransipoti zikali pa kholo. Ndipo kwa mwana wa kumadera ngati kwathu, kumene sekondale ili kutali ndi midzi yambiri, boding'i si cinthu ca kudzionetsera. Ndiyo njira yofikira giredi 12.

Msuweni wanga, mwana woyamba wa aanti akulu, anali giredi 10 pa sukulu ya boding'i ku Petauke. Temu yoyamba inalipiridwa ndi ndalama ya mbuzi. Temu yaciwiri itatsegula mu Meyi, K1,000 kunalibe. Amalume anati anatuma kale hafu ya mwezi umenewo ndipo mai wake aone cocita. Mtsikana anakhala panyumba milungu itatu. Pomaliza aanti akulu anatenga matumba asanu ndi limodzi a cimanga cimene cinali cisanaume bwino n'kugulitsa kwa mavenda pa K180 thumba limodzi. Anapeza K1,080, mwana anapita. Caka cimeneco FRA inagula thumba la makilo 50 pa K280, koma FRA imafuna cimanga couma ndipo siilipira tsiku lomwelo, pamene sukulu siiyembekeza. Pa thumba lililonse panatayika K100, ndiye kuti banja linataya K600 cifukwa cabe ca kusakonzekera tsiku limene lili pa kalendala kuyambira kuciyambi kwa caka.

Ndewu inabuka apa. Matumba asanu ndi limodzi amenewo ndi amene caka ciliconse anali kukwezedwa pa loli kubwera mu Lusaka kukagayitsa unga wa ku komboni. Atalephera kubwera, aanti ang'ono anati mnzao wacita dala kuti ana a mu tauni agone ndi njala. Aanti akulu anayankha pa foni mau amene sindingalembe mu nyuzipepala. Amalume, monga acitira amuna ambiri zinthu zikatentha, anayamba kufika kunyumba usiku kwambiri ndi kuzima foni. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma amene anavumbwa apa si mwini mapanga. Anali mwana wa giredi 10.

Pa holide ya Ogasiti ankhoswe anaitana onse kumudzi. Ine anandipatsa bolopeni ndi kope, ati popeza ndinapita ku koleji. Ndinena zimene tinacita mwatsatanetsatane, cifukwa ndikhulupirira kuti njira yake ingagwire nchito m'nyumba zina.

Tinayamba ndi ana, mmodzi mmodzi, osayang'ana kuti mai wake ndani. Wa boding'i: K1,000 ya sukulu, K300 ya ulendo wopita ndi kubwera, K400 ya sopo, shuga, mafuta odzola ndi zofunika za mtsikana. Ndi K1,700 pa temu, K5,100 pa matemu atatu. Kuika yunifomu, nsapato ndi makope K900, yakwana K6,000 pa caka. Ang'ono ake atatu a pa sukulu ya boma kumudzi, K600 aliyense pa caka, pamodzi K1,800. Mwana wa giredi 2 wa mu tauni, amene ali pa kasukulu ka pulaiveti mu komboni, K450 pa temu ndi K450 ya yunifomu ndi makope, ndiyo K1,800 pa caka. Wotsiriza anali akali kuyamwa. Zonse pamodzi K9,600 pa caka, kapena K800 pa mwezi.

Titafika pamenepo m'nyumba munakhala zii. Pa K800 imeneyo, K650 inali kucokera pa hafu ya aanti akulu, K150 cabe pa hafu ya aanti ang'ono. Ndiye kuti pambuyo pa sukulu, kumudzi kunali kutsala K850 ya anthu asanu, mu tauni K1,350 ya anthu anai. Aanti ang'ono anayang'ana kope nthawi yaitali. Sanali kudziwa kuti boding'i ilipiridwa. Anamva kwa amuna awo kuti zonse ndi zaulere.

Cigamulo coyamba cinali cakuti ndalama ya sukulu icoke pamwamba, isanagawidwe ku nyumba iliyonse. Pa K4,500, K800 ipite ku sukulu, K900 ku renti, amalume atsike kucoka pa K600 kufika pa K500. Yotsala ndi K2,300. Iyi sinadulidwe pakati: K1,300 ku komboni, kumene agula ciliconse ndipo adyetsa bambo, K1,000 kumudzi, kumene kuli munda. Mukaona bwino, aanti ang'ono anataya K50 cabe, amalume K100, aanti akulu anaonjezeredwa K150. Ndewu imene inatsala pang'ono kuthetsa mabanja awiri inali ya ndalama zocepa conco. Cimene cinasintha kwambiri si kuculuka kwa ndalama, ndi nthawi yake: tsiku lotsegula sukulu likafika, ya boding'i ilipo kale.

Munthu wa minibasi salandira pa mwezi, alandira pa tsiku, ndipo ndalama ya pa tsiku iuluka. Conco K800 tinaigawa pa masiku 26 a nchito, yakhala K31 pa tsiku, ndalama ya okwera awiri kapena atatu. Madzulo aliwonse ilowa mu laini ya foni yapadera imene nchito yake ndi sukulu cabe. Pa kutha kwa mwezi uthenga woonetsa ndalama zimene zilimo utumizidwa kwa akazi onse awiri. Ya boding'i ilipiridwa ku banki mu akaunti ya sukulu, ndipo cithunzi ca silipi cipita kwa onse. Ici n'cofunika cifukwa ndalama ya mwana wa mnzako ikadutsa m'manja mwako, ngakhale uli woyera mtima, tsiku lina udzanenedwa kuti unadyako.

Cinthu caciwiri cinali cimanga. Kwa zaka zambiri matumba aja anali kuonedwa ngati a amalume, cifukwa iwo ndi amene anali kutuma K400 ya FISP yotengera feteleza ndi mbeu. Koma amene anali kulima, kupalira, kulonda njovu ndi anyani, kukolola ndi kupepeta ndi aanti akulu ndi ana awo. Pa mtengo wa FRA wa caka cimeneco matumba asanu ndi limodzi ndi K1,680. Imeneyi ndi ndalama imene mkazi wamkulu anali kuika m'nyumba ya mkazi wamng'ono caka ndi caka, popanda wonena zikomo. Ankhoswe anagamula kuti cimanga cipitirize kubwera, koma aganyu opalira alipiridwe kucokera mu Lusaka, ndipo matumba acoke pokhapokha nkhokwe ya kumudzi yadzaza. Aanti ang'ono, amene ali ndi kantemba ka tomato ndi kapenta, ananena okha kuti azituma salaula ndi mafuta ophikira pa loli yomwe yabweretsa cimanga. Kuwerenga thukuta la mkazi si kukongoletsa nkhani. Ngakhale Khoti Yaikulu Kwambiri, pa mlandu wa a Chibwe mu 2000, inagamula kuti mkazi wokwatiwa mwa mwambo ali ndi gawo pa cuma cimene banja lapeza, ukwati ukatha.

Panali funso limodzi lowawa. Aanti akulu anafunsa cifukwa cimene mwana mmodzi wa giredi 2 adyera K1,800, yofanana ndi ya ana awo atatu, pamene sukulu ya boma ilipo mu komboni. Aanti ang'ono anati kalasi ya ku boma ndi yodzaza kwambiri kucokera pamene maphunziro anakhala aulere, ndipo mwana sanali kuwerenga. Ine ndiona kuti funso linali loyenera. Boding'i ya mtsikana inalibe njira ina, pulaiveti ya mnyamata inali cosankha. Anamvana kuti thumba la sukulu lilipire K450 pa temu basi, ndipo mtengo ukakwera, coonjezera cicoke pa kantemba. Sindinena kuti ndiye yankho la aliyense, koma kusiyanitsa cofunika ndi cosankha kuyenera kucitika, ndipo kucitike pa maso pa onse.

Tsopano nthawi. Apa masamu akana. Kumudzi, kumene nyumba za akazi zili pa bwalo limodzi, mwamuna angathe kusinthana masiku ndipo aliyense adziwa tsiku lake. Koma pakati pa Chawama ndi kwa Mwape pali ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo dalaivala akacoka pa basi salandira kanthu, nthawi zina apeza mwini wapatsa makiyi munthu wina. Titawerenga, tinapeza kuti m'caka ca 2022 amalume anagona kumudzi masiku asanu ndi anai, ndipo anai mwa iwo anali a maliro. Mwana wao wa giredi 1 anali kuwathawa.

Anamvana maulendo atatu pa caka: milungu iwiri pa nthawi yobzala mvula yoyamba ikagwa, mlungu umodzi pa kukolola, mlungu umodzi pa holide ya Ogasiti. Ndi milungu inai pa milungu 52. Kunena kuti ici n'cofanana ndi bodza, ndipo aanti akulu ananena poyera kuti sicofanana. Anacilandira cifukwa masikuwo ndi odziwika, agwa pa nthawi imene munda ufuna manja, ndipo sasinthidwa ndi foni yocokera ku komboni. Anaonjezera kuti pa holide iliyonse mwana mmodzi wa kumudzi azibwera mu Lusaka, ndi kuti pa Sondo madzulo bambo aziimba foni kukamba ndi ana, osati cabe kufunsa ngati mbuzi zili bwino. Mwamuna amene sangathe kupereka ngakhale zimenezi avomereze kuti kumudzi alibe mkazi, ali ndi wanchito wa pa munda amene salipidwa.

Pali gawo la nkhaniyi limene lindikhudza ine. Ife Ansenga mtundu titengera kwa amai, ndipo malume ali ndi udindo pa ana a mlongo wake. Pamene ndinali ku koleji ya utolankhani, amalume anandilipirira matemu awiri. Ndalama imeneyo sinagwe kumwamba. Inacoka m'thumba lomwelo, m'zaka zimene asuweni anga anali kupita ku sukulu ndi nsapato zong'ambika. Aanti akulu anandikumbutsa pa msonkhano, mofatsa, ine bolopeni ili m'manja. Mwambo umenewu unaphunzitsa ambiri a ife ndipo sindiunyoza. Koma ndauonanso ukugwiritsidwa nchito mbali zonse ziwiri: mwamuna athandiza ana a mlongo wake kuti atamandidwe kwao, kwinaku auza mkazi wake kuti ana ake apite kwa amalume awo. Lamulo la ana la mu 2022 silidziwa kuthawa kotere. Udindo wosamalira ndi kuphunzitsa mwana uli pa atate ndi amai ake, kaya anakwatirana mwa mwambo, ku boma, kapena sanakwatirane n'komwe. Ana a mlongo athandizidwe ndi zotsala, ndipo nazonso zilembedwe m'kope. Kucokera pamenepo nsapato za asuweni anga atatu ndigula ndine.

Ena adzati, iwe mtolankhani ukulimbikitsa cipali. Iyai. Mnzanga akandifunsa, ndimuuza kuti K4,500 siikwana ndi nyumba imodzi yomwe. Machalichi ambiri acikana, ndipo amene anakwatira ku boma adziwe kuti ukwati wa mtundu umenewo ndi wa mkazi mmodzi: kukwatira wina pamwamba pake ndi mlandu umene ungamufikitse ku ndende. Koma ana amene anabadwa anabadwa, ndipo temu itsegula kaya tivomereza ukwati wa makolo awo kapena ai. Ngakhale kumene nyumba yaciwiri ndi yobisika, monga zilili zambiri muno mu tauni, mwana wa kumeneko ali ndi ufulu wofanana. Kusiyana kwake n'kwakuti njira imene ndafotokoza siingagwire nchito mu mdima. Munthu sangagawe mwacilungamo cinthu cimene akubisa.

Ena adzati kulemba m'kope kusandutsa banja kukhala golosale. Kwa awa ndili ndi yankho limodzi: ngati simulemba muli moyo, adzakulemberani mutafa. Lamulo la mu 1989 la cuma ca munthu womwalira wosasiya wilo lipereka 50 peresenti kwa ana, 20 peresenti kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 peresenti kwa makolo, ndi 10 peresenti kwa ena amene anali kudalira womwalirayo. Akazi akakhala awiri kapena atatu, sapatsidwa 20 peresenti aliyense. Agawana 20 yomweyo, molingana ndi zaka zimene aliyense wakhala mu ukwati, ndipo zimene mkazi anaika pa cumaco zingaganiziridwenso. Gawo la ana ligawidwa poyang'ana msinkhu ndi zofunika za maphunziro a mwana aliyense. Onani bwino: lamulo lenilenilo siligawa hafu-hafu pakati pa nyumba. Liika ana patsogolo, liyang'ana sukulu, liwerenga zaka ndi thukuta la mkazi. Ngati ici ndiye cilungamo pa tsiku la maliro, cifukwa ciani cisakhale cilungamo pa tsiku lotsegula sukulu? Dziwaninso kuti lamulo limenelo silikhudza malo a mwambo, conco munda wa kumudzi uli m'manja mwa mafumu ndi abale, ndipo n'kwanzeru kuti a nyakwawa adziwe pasadakhale kuti munda uti alima ndani.

Sindifuna kukunamizani kuti kope linathetsa zonse. Mu 2024 kunagwa cilala, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko. Munda wa aanti akulu sunapereke ngakhale cakudya ca iwo okha. Cifukwa cimene kumudzi anali kulandirira zocepa cinali munda, ndipo munda utalephera, cifukwaco cinatha. Zinafunika kutembenuza: kumudzi K1,300, ku komboni K1,000, pa nthawi imene unga mu Lusaka unali wokwera mtengo ndipo malaiti anali kuzima maola ambiri. Aanti ang'ono sanakondwere, ndipo panapita miyezi iwiri osalankhulana ndi mnzao. Amalume kawiri konse anafuna kubwereka pa laini ya sukulu kuti akonzere vuto la pa msewu, ndipo cimene cinawaletsa n'cakuti uthenga wa kutha kwa mwezi ukanawaulula. Phunziro lake n'lakuti mgwirizano wotere uyenera kuunikidwanso caka ciliconse pambuyo pa kukolola, ndipo cinthu cimodzi cokha cimene sicikhudzidwa ndi thumba la sukulu.

Kwa mkazi amene mwamuna wake akana kukhala pansi, njira zilipo. Yoyamba ndi ankhoswe, cifukwa ndiwo mboni za ukwati. Zikakanika, khoti ya lokolo imamva nkhani za maukwati a mwambo, ndipo makhoti ali ndi mphamvu yolamula kholo kupereka ndalama ya cisamaliro ca ana. Lamulo la mu 2011 loletsa nkhanza za m'banja liwerenga kumana munthu zofunika pa umoyo mwadala ngati nkhanza, ndipo ku polisi kuli ofesi yothandiza ocitiridwa nkhanza. Mupite ndi mapepala: masilipi a sukulu, mauthenga a ndalama a pa foni, mndandanda wa zofunika wocokera ku sukulu. Palinso basale ya CDF ya ana ovutika a ku boding'i, imene apempha kudzera ku komiti ya citukuko ya wodi. Pemphani, koma musaike mwana pa ciyembekezo cimeneco cokha, cifukwa opempha ndi ambiri.

Ndipo kwa inu atate a pa mpando wa kumbuyo, amene munati mugawa hafu-hafu, yesani kuyankha mafunso awa musanatsike. Kodi mwana amene acedwa kutsegula sukulu acokera ku nyumba imodzimodzi temu iliyonse? Kodi akazi anu onse awiri adziwa zimene mupeza, kapena adziwa ndi uja amene mugona kwake? Kodi ndalama ya kumudzi ipita pa tsiku lake, kapena ipita pambuyo pa mafoni atatu ndi misozi? Kodi mungachule giredi ya mwana wanu aliyense popanda kufunsa? Mukakakamira pa funso limodzi, pali nyumba imene ikulipirira inzake.

Msuweni wanga analemba mayeso a giredi 12 mu 2025. Kucokera pa msonkhano uja sanacedwenso ngakhale tsiku limodzi. Kope likali kwa ankhoswe kumudzi, ndipo pa tsamba latsopano palembedwa dzina la mng'ono wake, amene boding'i yake iyamba posacedwa, pamodzi ndi la kamwana ka ku komboni kamene tsopano kafika poyamba sukulu. Titawerenganso, K31 pa tsiku siikwananso. Amalume anadandaula, anakanda mutu, kenako anafunsa kuti ndiye ikhale zingati.